Maphatikizo 32 Asanduka 76: Kumasulira Ndakatulo ya Sitima ya pa Liwonde

Mnzanga wina wa ku Liwonde, yemwe tidaphunzira limodzi, adalemba kandakatulo ka mizere inayi m'Chingerezi. Sikadasindikizidwe paliponse. Chaka chatha adaganiza zokawerengera amayi ake, omwe ndakatuloyo imakamba za iwo, koma amayiwo Chingerezi samva. Ndiye adapempha anthu awiri kuti amumasulire: mphunzitsi wina wa ku Ntaja m'boma la Machinga, ndi mnyamata wina woimba kwaya ku Balaka. Zomwe adalandira zidasiyana ngati si ndakatulo imodzi, ndipo adanditumizira zonse ziwiri n'kundifunsa kuti, "Iwe, yolondola ndi iti apa?" Pano ndikufuna kuyankha funsoli bwinobwino. Yankho langa ndi lakuti onse awiri adasunga chinthu chenicheni, koma palibe adafunsa kuti kayendedwe ka mawu m'Chichewa kamachokera pati. Tikadziwa zimenezo, mkangano wa tanthauzo ndi kamvekedwe umachepa kwambiri, ngakhale sutheratu.

Tiyambe ndi ndakatulo yoyambayo. Sindiilemba m'Chingerezi pano, ndingoifotokoza. Imakamba za sitima ya usiku imene ikuwoloka mlatho modzikoka. Odziwa Liwonde aidziwa kale njanji yake: ndi ija idatsegulidwa mu 1970, yochokera pa Nkaya m'boma la Balaka, kuwoloka Shire pa Liwonde, mpaka ku Nayuchi kumalire ndi Mozambiki. Mzere wachiwiri ukuti amayi a mlakatuli akuwerenga mabogi, kenako akusiya. Wachitatu ukuti mphika ukuzizira pamiyala yake. Wachinayi ukuti munthu wina wamwamuna, yemwe sakutchulidwa dzina, adalonjeza chaka chimodzi, koma papita zaka khumi. Basi, yathera pomwepo. Mulibe mawu oti chisoni, mulibe misozi, ndipo mizere yake sikufanana mamvekedwe kumapeto.

Mamangidwe ake ndi awa. Mzere uliwonse uli ndi maphatikizo asanu ndi atatu, ndiye onse pamodzi ndi 32. Mawu onse alipo 29, ndipo 26 mwa iwo ndi a phatikizo limodzi. Maphatikizowo akuyenda awiriawiri, loyamba lopepuka, lachiwiri lolemera, ngati munthu akuti ta-TA, ta-TA, ta-TA, ta-TA. Choncho mzere uliwonse ukugunda kanayi, ndipo kugunda komaliza kuli pa phatikizo lomaliza lenileni. Mlakatuli adasankha dala kayendedwe aka chifukwa kakufanana ndi kulira kwa magudumu a sitima panjanji.

Vuto loyamba n'lodziwika kwa aliyense amene adayesapo ntchitoyi. Chingerezi chimatha kuunjika malembo opanda liwu m'phatikizo limodzi, pomwe Chichewa chimafuna phatikizo lithere pa lembo la liwu. Tangoonani mawu obwereka monga sukulu, buleki ndi buledi. Kwawo onsewa ndi a phatikizo limodzi, kwathu kuno ndi atatuatatu. Onjezerani apo kuti mneni wathu amasenza yekha mwininkhani, nthawi, nthawi zina ndi pamtherankhani, ndiye muona kuti mzere wa Chingerezi sungalowe m'Chichewa osatupa.

Powerenga maphatikizo m'munsimu ndikutsata kayankhulidwe kodekha, ndipo m wa mu mphika ndi mlatho ndikumuwerenga ngati phatikizo palokha. Chifukwa chake n'chakuti m ameneyu ndi mu- wofupikitsidwa, n'chifukwa chake pochulukitsa timati miphika, milatho. Akusiyana ndi m wa mu mphasa, yemwe saima payekha.

Mphunzitsi wa ku Ntaja adatsata tanthauzo liwu ndi liwu:

Sitima ya usiku ikudzikoka kuwoloka mlatho.
Amayi anga akuwerenga mabogi, kenako akusiya.
Mphika ukuzizira pamwamba pa miyala yake.
Iye anati chaka chimodzi. Tsopano papita zaka khumi.

Mizereyi ili ndi maphatikizo 19, 20, 17 ndi 20, pamodzi 76. Ndakatulo yakula kuposa kuwirikiza kawiri. Tisafulumire kunyoza, chifukwa chilichonse chimene mlakatuli adaika chilimo: usiku, kuwerenga, kusiya, mphika, lonjezo. Wophunzira wofuna kudziwa zomwe Chingerezicho chikunena athandizika ndi kumasulira kumeneku kuposa kwina kulikonse.

Koma tawerengani mokweza. Mumva ngati lipoti la zomwe zachitika pakhomo. Ndipo kutalikako sikudabwere chifukwa cha Chichewa chokha ayi, kwina kwabwera chifukwa womasulira adanyamula katundu wa Chingerezi amene Chichewa sichimufuna. Anga mu amayi anga ngosafunika, pakuti munthu akangoti amayi osaonjezera kanthu timadziwa kuti akunena ake. Iye kumayambiriro kwa mzere wachinayi wabwera chifukwa Chingerezi sichiyenda popanda mlowam'malo, pomwe kwa ife a- wa mu anati wagwira kale ntchitoyo. Choipitsitsa ndi pamwamba pa miyala yake, maphatikizo asanu ndi anayi athunthu. Mlakatuli adati miyala chifukwa Chingerezi chilibe liwu limodzi la miyala itatu yoterekapo mphika. Ife tili nalo, ndi mafuwa. Amayi a ku Liwonde akamva za mphika uli pamwamba pa miyala yake ayamba adabwa kaye kuti miyala yanji, eti, asanazindikire kuti akunena kukhitchini kwawo komwe. Apa kutsata liwu ndi liwu kwasokoneza tanthauzo lomwe kumati kukuteteza.

Woimba kwaya wa ku Balaka adatenga njira ina. Iye adazolowera nyimbo za kutchalitchi zomasuliridwa kuchokera ku Chingerezi, momwe maphatikizo ayenera kukwana ndendende chifukwa maimbidwe adakhazikika kale. Ndiye adalemba chonchi:

Sitima iyo pa Shire,
Mayi ayamba kulira,
Moto wazima pakhomo,
Zaka khumi osabwera.

Maphatikizo asanu ndi atatu mzere uliwonse, 32 pamodzi, chimodzimodzi ndi yoyamba ija. Ikukoma pakamwa, ndipo mutha kuiyimba lero lomwe. Kunena zoona, anthu ambiri omwe ndawawerengera zonse ziwiri amakonda iyi.

Tsono tione zomwe walipira. Usiku wasowa. Mphika wasowa. Lonjezo la chaka chimodzi lasowa, ndiye zaka khumi zatsala zokha popanda choziyerekeza nacho, pomwe ululu wa mzere uja udali pa kusiyana kwa chimodzi ndi khumi. Koma cholakwa chachikulu chili mu mzere wachiwiri. Mneni akuwerenga ali ndi maphatikizo asanu, mabogi atatu, ndiye malo atha kusiya kuja kusanalowe. Womasulira adaona kuti sizikwana, n'kuikapo kulira, kumene ndi kumasulira kwa maganizo a ndakatulo osati mawu ake. Ndakatulo yoyamba imaonetsa mayi wochita kanthu kakang'ono, kuwerenga mabogi n'kusiyira panjira, ndipo owerenga amadzipezera okha chisonicho. Iyi yatiuziratu zoti timve. Mnzanga uja ataiona adati, "Amayi anga salira pagulu. Ndikawawerengera zimenezi andifunsa kuti ndidawaona liti akulira." Pamenepo nkhani yasiya kukhala ya kukoma kwa mawu, yakhala ya kunamizira munthu wamoyo.

Funso lofunika ndi ili: atalipira zonsezi, kodi wagula kayendedwe ka sitima kaja? Ine ndikuti ayi. Tatengani mzere wachitatu muugunde monga Chingerezi chimagundira, pa phatikizo lachiwiri, lachinayi, lachisanu n'chimodzi ndi lachisanu n'chitatu. Mupeza mo-TO wa-ZI ma-PA kho-MO. Palibe Mmalawi amayankhula chotero. Chomwe timanena ndi moto wazima pakhoomo, kukoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Mizere inayonso chimodzimodzi: Shiire, kuliira, osabweera. Kulemera kwagwa pa phatikizo lachisanu n'chiwiri, lachisanu n'chitatu likungotsetsereka. Mzere wa Chingerezi umathera pokwera, wa Chichewa umathera potsika. Nambala yafanana, koma khutu likumva zina.

Kukoka kumeneku si chizolowezi cha alakatuli chabe, ndi lamulo la chiyankhulo. Akatswiri a kamvekedwe ka Chichewa adalifotokoza kale, ndipo Laura Downing ndi Al Mtenje adalilongosola mwatsatanetsatane m'buku lawo la mu 2017. Mwachidule, Chichewa sichisiyanitsa maphatikizo olemera ndi opepuka m'liwu lililonse monga Chingerezi. Chimasonkhanitsa mawu m'timagulu, ndipo pothera pa kagulu kalikonse chimatalikitsa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Yesani nokha. Nenani kuti ndagula, mumva ndaguula. Nenani kuti ndagula nsomba, mumva ndagula nsoomba, kutalika kwachoka pa gu kwapita pa nso. Ndiye kugunda kwa Chichewa sikukhala pa maphatikizo awiri aliwonse, kumakhala pothera kagulu ka mawu. Womasulira wofuna kayendedwe asawerenge maphatikizo okha, awerenge timagulu timeneti ndi malo opumira.

Nditaganiza zimenezi ndidabwerera ku ndakatulo ya Chingerezi kukaona chomwe chingasamuke. Kugunda kanayi sikungasamuke. Koma mu mzere wachiwiri ndi wachinayi muli kupuma kwa mkati, komwe kukudula mzere pawiri: kuwerenga kenako kusiya, chaka chimodzi kenako khumi. Kudula kumeneku ndiye msana wa ndakatulo, ndipo Chichewa chimakutha bwino lomwe. Choncho ndidadziikira lamulo loti mzere uliwonse ukhale ndi timagulu tiwiri, ndipo chinthu chilichonse chooneka ndi maso chisatayike. Zidatuluka izi:

Sitima ya usiku ikukwawa pamlatho.
Amayi awerenga mabogi, n'kulekeza.
Pamafuwa, mphika uli zii.
Uja anati chaka chimodzi. Zakwana khumi.

Maphatikizo ake ndi 15, 15, 10 ndi 15, pamodzi 55. Ndi ochuluka kuposa 32, koma 21 achoka pa 76 paja popanda kutaya usiku, mabogi, mphika kapena lonjezo. Powerenga mokweza mzere woyamba ukuti usiiku, pamlaatho. Wachiwiri ukuti maboogi, n'kulekeeza. Wachinayi ukuti chimoodzi, khuumi. Kukoka kawirikawiri kumeneku ndiko kwalowa m'malo mwa kugunda kanayi kuja. Ndifotokoze zisankho zinayi zomwe zidandivuta.

Choyamba ndi nthawi ya mneni mu mzere wachiwiri. Chingerezi chidagwiritsa nthawi imene imatha kunena za usiku uno kapena za usiku uliwonse, osasankha. Chichewa chimakukakamiza: akuwerenga ndi za pano, amawerenga ndi za masiku onse. Si vuto latsopano. Jack Mapanje, yemwe ambiri timamudziwa ngati mlakatuli, adalemba kafukufuku wake wa digiri ya udokotala ku London mu 1983 pa nkhani yomweyi ya nthawi za aneni m'Chiyao, Chichewa ndi Chingerezi. Ine ndidasankha awerenga, wopanda -ku- kapena -ma-. Papepala mneni ameneyu ali pawiri, chifukwa sitilemba kukwera ndi kutsika kwa liwu. Atha kukhala wofotokoza zochitika monga timachitira m'nthano, kapena wonena zomwe zangochitika kumene. Wowerenga mokweza ayenera kusankha ndi liwu lake, koma pepala lasiya khomo lotsegula, komanso phatikizo limodzi lapulumuka. Mawu oti n'kulekeza ndidawakonda kuposa akusiya chifukwa kulekeza ndi kusiya chinthu chisanathe, zomwe ndi zimene zikuchitikadi: mabogi akadadutsabe, amayi ndiwo aleka.

Chachiwiri ndi zii. Ndanena kuti mzere wa Chichewa umathera potsika, koma pali mawu amodzi osamvera lamuloli, ndiwo mivekero. Mawu ngati phwii, gwa, mbee ndi zii amaima okha kumapeto kwa chiganizo n'kutenga mphamvu yonse. Ndiye womasulira akafuna mzere wothera pogunda ngati wa Chingerezi, mvekero ndiye chida chake. Zii ali ndi mwayi wina: timamunena pa chinthu chozizira, komanso pa malo opanda phokoso, komanso pa munthu amene sakumveka komwe adapita, monga timati mpaka lero kuli zii. Ndiye mzere wachitatu ukukonzera njira wachinayi. Koma ndivomere kuti apa ndaonjezera. Mphika wa m'Chingerezi ukungozizira basi, sunena za kukhala chete. Ndidalola chifukwa zomwe ndaonjezazo zikuloza komwe ndakatulo ikupita kale, mosiyana ndi kulira kuja komwe kukutsutsana nayo. Ndipo ndidagwiritsa mvekero umodzi wokha. Mukaika mvekero pamzere uliwonse, sitima ili khutchukhutchu, amayi ali duu, ndakatulo isanduka nthano ya ana. Umu ndi momwe mungadziwire kuti mwapyola: omvera amayamba kumwetulira pomwe simudafune.

Chachitatu ndi uja, ndipo apa ndi pomwe ndidakhalitsa. Mlowam'malo wa Chingerezi amaulula kuti wolonjezayo ndi wamwamuna, koma sanena ngati ndi bambo, mchimwene kapena mwana. Chichewa sichisiyanitsa mwamuna ndi mkazi pa mneni. Ndikadangolemba anati, womvera akadabwerera kwa munthu womaliza kutchulidwa, n'kumva kuti amayi ndiwo adanena za chaka chimodzi. Iye wa mphunzitsi uja akuthandizako pang'ono, popeza amayi sitingawatchule iye, koma akumveka ngati chiganizo cha m'buku la galamala. Bambo anati zikadatseka nkhani yomwe mlakatuli adaisiya yotsegula. Uja ndi liwu lomwe timanenera munthu amene tonse tikumudziwa koma palibe pano, ndipo nthawi zina amene sitikufuna kumutchula dzina. Komabe nalonso lili ndi mtengo wake. Uja ndi wopanda ulemu wa akulu. Mwana sanganene bambo ake kuti uja, anganene aja. Ndiye taonani: Chingerezi chimakukakamiza kuulula ngati munthu ndi mwamuna kapena mkazi, Chichewa chimakukakamiza kuulula ngati ndi wamkulu kapena wamng'ono kwa iwe. Palibe njira yozembera. Ndidachita kufunsa mwini ndakatulo, ndipo adati ndi mng'ono wake. Akadakhala bambo ake, mzerewo ukadayamba ndi aja, ndipo chisokonezo ndi amayi chikadabwereranso pang'ono.

Chachinayi ndi zakwana khumi. Chingerezi sichidabwereze liwu la chaka kumapeto, chidangoti khumi, ndipo kufupika kumeneko ndiko kumabaya. Mphunzitsi adabwereza, tsopano papita zaka khumi, maphatikizo khumi. Koma za- wa mu zakwana akuloza kale ku zaka, chifukwa ndi mgwirizano wa gulu la chaka ndi zaka. Womvera wamva chaka chimodzi, akamva za- amadzaza yekha. Maphatikizo asanu okha. Apa galamala yomwe imatitupitsira mizere ija yatibwezera ngongole. Ndidaganizako zolemba teni, chifukwa pamsika pa Liwonde kapena pa Balaka ndi momwe ambiri timawerengera, ndipo maphatikizo ndi awiri chimodzimodzi. Ndidasiya chifukwa teni amanunkha ndalama ndi malonda, pomwe khumi ali ndi kulemera kwa nthawi.

Kumasulira kwangaku kuli ndi zofooka zake. Kukwawa si kudzikoka ndendende, ndipo kuwoloka kwatayika, kwatsala pamlatho chabe. Mzere wachitatu ndi waufupi kuposa anzake, pomwe m'Chingerezi yonse inayi njofanana. Kulira kwa magudumu a sitima kulibemo, ndipo sindikhulupirira kuti wina angakubweretse popanda kuthyola Chichewa. Timagulu tiwiri ta mzere woyamba tikudaliranso wowerenga, chifukwa wothamanga atha kuwerenga mzere wonse ndi mpweya umodzi osapuma pa usiku. Komanso njira yangayi si ya paliponse. Ndakatuloyi ikadakhala yoti iyimbidwe pa maimbidwe omwe alipo kale, woimba kwaya uja akadakhala wolondola kuwerenga maphatikizo, ndipo ntchito ikadakhala yofuna mawu ena okwana asanu ndi atatu osanamizira amayi. Ikadakhala ya m'kalasi, yothandiza ana a Fomu 2 kumva Chingerezi, ya mphunzitsi ikadapambana, atangokonza mafuwa aja.

Koma iyi idali yokawerengedwa pakhonde kwa munthu mmodzi, ndipo pa ntchito yotere ndondomeko yomwe ndingalangize ndi iyi. Yambani ndi kumasulira liwu ndi liwu, kuti muone zonse zilimo. Chotsanimo katundu wa Chingerezi, monga alowam'malo osafunika ndi mafotokozedwe a zinthu zomwe ife tili ndi dzina lake. Kenako werengani mokweza, muike chizindikiro paliponse pomwe liwu lanu lakoka, muone ngati malowo akugwa pa mawu ofunika. Ngati kukoka kwagwa pa yake kapena anga, mzerewo sunapse. Ndipo ngati kuti mzere ukwane mwachotsa chinthu chooneka n'kuikapo dzina la maganizo, monga chisoni kapena kulira, bwererani, mwalemba ndakatulo yanu osati ya mwini wake.

Mnzanga uja adakawerengadi yachitatuyi. Akuti amayi ake adamvetsera mpaka kumapeto, n'kumuuza kuti abwereze mzere womaliza. Atabwereza adangoti, "Si khumi, chaka chino zikwana leveni," n'kunyamuka kukasonkha moto.